Makina a K6.4 miliyoni: adzabweza ndalama kapena adzangozisunga?

Soya ndi mtedza zikagulitsidwa, pa Mponela ndi pa Madisi pamapezeka amalonda amene kwa nthawi yoyamba m'chaka ali ndi ndalama zochuluka m'manja. Ena amawonjezera katundu m'golosale, ena amagula njinga yamoto ya kabaza, ndipo ena maso awo amakhala pa makina opukusira chimanga oyendera dizilo, aja amazungulira m'midzi atakwezedwa pangolo nyengo yokolola. Wogulitsa makina amakuwonetsani masamu okoma: matumba akutiakuti pa tsiku, ndalama zakutizakuti pa thumba, zaka ziwiri zokha mwabweza zonse. Masamu akewo sakhala abodza kwenikweni, koma amasiya zinthu ziwiri. Choyamba, ndalama imene mudzalandire zaka zinayi zikubwerazi siyofanana ndi imene mukutulutsa lero. Chachiwiri, makina amenewa sapeza ndalama zofanana chaka ndi chaka, chifukwa ntchito yake imadalira zimene mvula yachita.

Sabata ino tiwerengera limodzi njira imene akatswiri a zachuma amagwiritsa ntchito poyeza ngati chinthu chotere n'choyenera kugula. Pakompyuta njirayi imalembedwa kuti NPV, koma ife tingoitchula kuti phindu la pa mtengo wa lero. Imangofuna pepala, cholembera ndi kalukuleta ya pafoni.

Tiyambe ndi chimene wavenda aliyense amachidziwa kale. Munthu atakuuzani kuti musankhe pakati pa K100,000 lero ndi K100,000 chaka chamawa, simungachedwe kuyankha. Mutenga ya lero, chifukwa mukaodera katundu, mugulitsa, muodanso, ndipo pofika chaka chamawa idzakhala itabereka. Tiyerekeze kuti m'manja mwanu ndalama imabereka 30 peresenti pa chaka. Ndiye kuti K100,000 ya lero ndi chimodzimodzi K130,000 ya chaka chamawa. Tikatembenuza chiganizochi, K130,000 imene munthu wakulonjezani chaka chamawa mtengo wake lero ndi K100,000 basi. Kuti muipeze mumangogawa K130,000 ndi 1.3. Ndalama ya zaka ziwiri kutsogolo mumaigawa ndi 1.3 kawiri, ya zaka zitatu katatu, n'kumapita choncho. Njira yonse yagona pamenepa: ndalama ya chaka chilichonse muibweze pa mtengo wa lero payokhapayokha, muphatikize zonse, kenako muchotsepo zimene mukutulutsa pogula. Chotsala chikakhala pamwamba pa ziro, makina akuposa njira ina imene mukanagwiritsira ntchito ndalamayo. Chikakhala pansi pa ziro, bwino ndalamayo ikhale komwe ili.

Tsopano chitsanzo. Manambala onse a makina amene ndilembe apa ndi ongoyerekeza, kuti tione kayendedwe ka masamu. Inu mudzaikepo mitengo imene mwafunsa nokha. Titenge mayi wogula ndi kugulitsa mbewu pa Mponela, amene m'mwezi wa Seputembala wasonkhanitsa ndalama ndipo akufuna makina oti azikapukusira alimi a m'mbali mwa msewu wa ku Ntchisi.

Funso loyamba ndi lakuti akutulutsa zingati. Makina ndi injini yake ku Lilongwe ndi K5,600,000. Koma makina sayenda okha kuchoka ku Lilongwe, ndipo sagwira ntchito pa dothi. Thiransipoti ndi K200,000, ndipo ngolo yogwiritsidwapo kale, malona oyala pansi ndi sikelo zikutenga K600,000. Zonse pamodzi ndi K6,400,000. Nambala yoyesera nayo makina ndi imeneyi, osati ya pa risiti ya kusitolo.

Funso lachiwiri ndi lakuti chaka chilichonse m'thumba mudzatsala zingati. Apa tikunena ndalama yotsala mutalipira zonse, osati yonse imene alimi akupatsani. Chaka choyamba mayiyu akuyembekezera kupukusa matumba 4,000 a makilogalamu 50, kutanthauza matumba 50 pa tsiku kwa masiku 80 pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Pa K1,200 thumba, zolowa ndi K4,800,000. Dizilo atenga K900,000, anyamata oyendetsa makina ndi kuthira chimanga K800,000, kubwereka ng'ombe zokoka ngolo K400,000, ndipo malamba, oyilo ndi tizitsulo tina tothatha K300,000. Zotuluka zakwana K2,400,000, ndipo zotsala ndi K2,400,000.

Amene mukufuna kukagwira ntchito kumapiri, monga cha ku Mvera kapena kum'mawa kwa boma la Ntchisi, musakopere manambala a munthu wa kuchigwa cha ku Nambuma. Kumapiri minda imakhala ing'onoing'ono ndiponso yotalikirana, ndipo ngolo yolemera imachedwa pachitunda. Makina amene kuchigwa akhoza kukhala pakhomo limodzi tsiku lonse, kumapiri amasamuka katatu kuti apeze matumba omwewo. Tsiku limathera panjira, pamene anyamata aja mukuwalipirabe.

Chaka chachiwiri alimi amudziwa mayiyu, matumba achuluka ndipo mtengo wopukusira wakwerako, choncho akutsala ndi K3,200,000. Chaka chachitatu tikuyerekeza kuti mvula yadula: chimanga n'chochepa, ndipo mlimi amene wakolola matumba asanu ndi atatu salipira makina, amapukusa ndi ana ake madzulo. Zotsala ndi K1,000,000. Chaka choipa chotere sitikuchiika mongoopseza. Mu 2016 dziko lino linakumana ndi chilala cha El Nino, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agweredwa ngozi chifukwa cha ng'amba. Wowerengera zaka zisanu zonse ngati za mvula yabwino akudzinamiza. Chaka chachinayi zinthu zabwerera, akanatsala ndi K4,200,000, koma injini yatopa ndipo kuikonza kwatenga K600,000, ndiye zatsala K3,600,000. Chaka chachisanu anthu ena awiri agula makina m'dera lomwelo, ntchito yagawika, zotsala ndi K3,000,000. Kumapeto kwa chakacho agulitsa makina ndi ngolo pa K1,500,000, ndipo chaka chachisanu chonse chikhala K4,500,000.

Mukaphatikiza zaka zisanuzi mupeza K14,700,000. Kuchotsapo K6,400,000 kutsala K8,300,000, ndipo apa m'pamene ambiri amasiyira masamu n'kuthamangira kukakwera minibasi ya ku Lilongwe. Koma K8,300,000 imeneyi yasakaniza ndalama za zaka zosiyana ngati kuti zonse zili patebulo lero.

Tisanagawe, tiyenera kugwirizana za peresenti yogawira. Nambala imeneyi siichokera m'buku. Ngati ndalama yogulira makina ndi ya ngongole, peresenti yake ndi chiwongoladzanja chonse chimene mukulipira pa chaka, kuphatikizapo ndalama zimene amadula poyamba. Mu Febuluwale 2024 banki yaikulu ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo wamalonda wamng'ono akapita kubanki wamba amalipira choposa pamenepo. Ngati ndalama ndi yanuyanu, dzifunseni kuti ikanabereka zingati mu bizinesi imene mukuichotsamo. Ndalama ya mayi wathuyu si yaulere chifukwa choti sanakongole. Akaichotsa pa malonda a soya, phindu la soya limenelo lapita. Iye waona m'makope ake kuti mpamba wake umabereka pafupifupi 30 peresenti pa chaka, ndiye tigwiritsa ntchito imeneyo.

Manambala ogawira timawapeza pochulukitsa 1.3 mobwerezabwereza: chaka choyamba 1.3, chachiwiri 1.69, chachitatu 2.197, chachinayi 2.8561, chachisanu 3.7129. Tikagawa ndalama ya chaka chilichonse ndi nambala yake, tikupeza izi, titazungulitsa ku sauzande yapafupi:

Chaka choyamba: K2,400,000 ÷ 1.3 = K1,846,000
Chaka chachiwiri: K3,200,000 ÷ 1.69 = K1,893,000
Chaka chachitatu: K1,000,000 ÷ 2.197 = K455,000
Chaka chachinayi: K3,600,000 ÷ 2.8561 = K1,260,000
Chaka chachisanu: K4,500,000 ÷ 3.7129 = K1,212,000

Zonse pamodzi zikukwana pafupifupi K6,667,000. Tikachotsa K6,400,000 ija, phindu la pa mtengo wa lero ndi K267,000.

Taonani chaka chachisanu. Papepala ndicho chonenepa kuposa zonse, K4,500,000, koma pa mtengo wa lero chikuchepera chaka choyamba chimene chinali ndi K2,400,000 yokha. Ndalama yakutali imafota kwambiri chiwongoladzanja chikakhala chokwera ngati cha kuno kwathu.

Nanga K267,000 ikutanthauza chiyani? Sikuti mayiyu pa zaka zisanu adzangopeza K267,000. Ikutanthauza kuti makina adzabweza mpamba wake wonse, adzamupatsa 30 peresenti pa chaka imene akanapeza pa soya, ndipo pamwamba pa zonsezo pali kanyenyeswa kokwana K267,000 pa ndalama ya lero. Yankho ndi lakuti inde, makina akupambana, koma akupambana ndi chala chimodzi. Pa mpamba wa K6,400,000, mpata wotere ungathe ndi vuto limodzi lokha, monga injini kufa sabata ziwiri pakati pa Juni.

Pali njira yachidule imene anthu amakonda, ndipo ndi yoopsa pa ndalama zosafanana ngati izi. Munthu amatenga K14,700,000 n'kuigawa pasanu, napeza K2,940,000 pa chaka, n'kumawerengera ngati chaka chilichonse adzalandira imeneyo. Mukagawa K2,940,000 ndi manambala asanu aja n'kuphatikiza, mupeza pafupifupi K7,161,000, ndipo phindu lioneka ngati K761,000. Kumeneko n'kuchulukitsa yankho loona pafupifupi katatu. Chachitika n'chakuti kugawa mofanana kwatenga ndalama zambiri za chaka chachinayi ndi chachisanu n'kuzikokera kutsogolo, ngati kuti mayiyu azilandira msanga, pamene zoona zake n'zakuti adzazidikira. Pachifukwa chimenechi chaka chilichonse chiyenera kugawidwa pachokha.

Tsopano tifike pa mfundo imene ine ndikuona kuti ndi yofunika kuposa zonse kwa munthu wogula makina odalira zokolola. Taika chilala pa chaka chachitatu, koma palibe amene anapangana ndi mvula kuti idzadule chaka chimenecho. Tiyeni tisinthanitse zaka ziwiri zokha: chilala chigwe chaka choyamba, mayiyu apeze K1,000,000, ndipo K2,400,000 ija ibwere chaka chachitatu. Zina zonse zikhale momwemo. Ndalama zonse pamodzi zikadali K14,700,000, palibe tambala imene yasowa.

K1,000,000 kugawa ndi 1.3 ndi K769,000. K2,400,000 kugawa ndi 2.197 ndi K1,092,000. Zaka zina zitatu sizinasinthe. Tikaphatikiza tikupeza pafupifupi K6,228,000, yomwe ikuchepera K6,400,000 ndi K172,000. Makina omwewo, mtengo womwewo, ndalama zolowa zomwezo, koma yankho latembenuka kuchoka pa phindu la K267,000 kufika pa kuluza K172,000, chifukwa chabe chaka choipa chafulumira. Ndipo kwa amene anagula ndi ngongole, vuto silithera papepala. Chaka choyamba ndicho chimene ngongole imakhala yaikulu, ndipo wokongoza safunsa za mvula. K1,000,000 siingakwane ngakhale chiwongoladzanja cha chaka chimodzi pa K6,400,000, chimene pa 30 peresenti ndi K1,920,000. Masamu a phindu la pa mtengo wa lero sakuuzani zimenezi mwachindunji. Amayeza zaka zonse pamodzi, koma sayeza ngati mudzakhala ndi ndalama m'manja tsiku lobweza likafika. Chimenecho muchiyang'ane padera.

Choncho musawerengere kamodzi. Werengerani katatu: chaka choipa chili koyamba, chili pakati, chili kumapeto. Ngati yankho lili pamwamba pa ziro katatu konse, makinawo ndi olimba. Ngati likutembenuka ngati la mayi wathuyu, mwadziwa kuti mukubetcha pa mvula ya chaka chimodzi, ndipo ndi bwino kumvetsera zimene a zanyengo alengeze za dzinja likudzalo musanalipire.

Peresenti yogawira nayo muiyese. Pa manambala oyamba aja, chilala chili chaka chachitatu, mukagawa ndi 35 peresenti phindu limasanduka kuluza pafupifupi K373,000, ndipo pa 40 peresenti kuluza kumafika K915,000. Pamene yankho limakhala ziro ndi pafupi ndi 32 peresenti. Nambala imeneyi ndi yothandiza kuisunga m'mutu, chifukwa ikukuuzani kuti makinawa amabereka pafupifupi 32 peresenti pa chaka, ndipo ngongole iliyonse yodula kuposa pamenepo idzadya phindu lonse. Apa muchenjere ndi chiwongoladzanja chotchulidwa pa mwezi. Ngati gulu lanu la banki m'khonde limakongoza pa 10 peresenti pa mwezi, pa chaka imeneyo ndi 120 peresenti ngakhale musanawerengere chiwongoladzanja choberekana. Ngongole yotero ingathandize kuoda tomato wogulitsa sabata yomweyo, koma siingagulire chitsulo chobweza ndalama pa zaka zisanu. Za katapila sitinena n'komwe.

Pali kulakwitsa kwina kobisika, kokhudza kukwera kwa mitengo. Peresenti ya 30 ija muli kale kugwa mphamvu kwa kwacha mkati mwake. Mabanki amakweza chiwongoladzanja chifukwa chomwecho. Ndiye ndalama za zaka zakutsogolo muzilembe pa mitengo imene mukuganiza kuti idzakhalapo chaka chimenecho, osati ya lero. Mukalemba K1,200 pa thumba zaka zonse zisanu n'kugawabe ndi 30 peresenti, mwawalanga makina kawiri ndipo mudzakana chinthu chabwino. Koma mukamakweza mtengo wopukusira, kwezaninso dizilo ndi zitsulo, ndipo muzikweze mosaumira. Zimenezi zimachokera kunja, ndipo zimatsata dola. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu zoitanitsa kunja inakwera motsatira. Mlimi wa ku Malomo sangavomere kuti mtengo wopukusira ukwere tsiku limodzi mofanana ndi mtengo wa lamba wa injini. N'chifukwa chake m'chitsanzo chathu zotsala sizikukwera mofulumira ngati mitengo ya m'sitolo. Ena amapewa vutoli polandira malipiro a chimanga m'malo mwa ndalama, n'kuchisunga kuti adzagulitse miyezi ya njala. Njira imeneyo ili ndi phindu lake, koma mukaitsata lembaninso mtengo wa matumba, mankhwala a anankafumbwe ndi malo osungira, ndipo kumbukirani kuti ndalamayo ifika mochedwerapo.

Amene muli ndi foni kapena kompyuta yokhala ndi Excel kapena Google Sheets mukhoza kutsimikizira masamu onsewa ndi mzere umodzi:

```
=NPV(0.3,2400000,3200000,1000000,3600000,4500000)-6400000
```

Yankho lituluka 267,252 ndi timanambala tochepa kumapeto. Mtengo wogulira ukhale kunja kwa mabulaketi monga ndalembera. Mukaulowetsa mkati ngati nambala yoyamba, pulogalamuyo iganiza kuti makina mudzalipira chaka chamawa, ndipo zaka zonse izikankhira kutsogolo ndi chaka chimodzi, yankho n'kulakwika.

Mzere umenewu, monganso masamu athu apapepala, ukuganiza kuti ndalama yoyamba ifika patatha chaka chathunthu chigulireni makina. Kwa mayi wathu zili pafupifupi choncho, chifukwa akugula mu Seputembala ndipo nyengo yopukusa idzatha Ogasiti wa chaka chamawa. Kunena kwina, makina ake akhala atafundikidwa lona miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu osalowetsa kanthu, pamene K6,400,000 ikanakhala ikuzungulira pa malonda. Atadikira n'kugula mu Epulo, ndalama za zaka zonse zisanu zingafike miyezi isanu ndi iwiri msanga poyerekeza ndi tsiku lolipira, ndipo pa 30 peresenti kusiyana kumeneko kumakweza mtengo wa lero wa zolowa ndi ndalama yoposa K1,000,000. Phindu la K267,000 lija lingapitirire K1,300,000, ndipo ngakhale chilala chitagwa chaka choyamba yankho lingakhalebe pamwamba pa ziro. Pofika Epulo adzakhalanso ataona ndi maso ake mmene chimanga chachitira m'minda ya ku Dowa ndi Ntchisi, zimene mu Seputembala sangazidziwe. Choopsa chake n'chakuti mtengo wa makina ukhoza kukwera pa miyezi imeneyo. Malire ake ndi osavuta kupeza: K6,400,000 ikamabereka 30 peresenti pa chaka, pa miyezi isanu ndi iwiri imafika pafupifupi K7,450,000. Ngati mayiyu akukhulupirira kuti pofika Epulo makina, thiransipoti ndi ngolo zidzakhala zisanadutse pamenepo, kudikira kumupindulira. Ngati akuona kuti zidzadutsa, agule mu Seputembala, koma apemphe wogulitsa kuti chitsimikizo chokonza makina akawonongeka chiyambe kuwerengedwa mu Meyi, pamene injini idzalire koyamba.